Lendi timalipirayi ndi ya tulo tomwe

Mng'ono wanga amachita lendi chipinda chimodzi ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare, kuseri kwa nyumba ya agogo ena amasiye amene amuna awo anachokera ku Ntcheu dziko lino likadali Rodeshiya. Zipinda za kuseriko ndi zinayi, zondondozana, denga limodzi, mpopi umodzi. Iye amagulitsa tomato ndi ndiwo zamasamba, ndiye amadzuka 4 koloko m'bandakucha kuti akapeze alimi akutsitsa katundu ku Mbare Musika. M'chipinda chogundana ndi chake munalowa atelala, mwana wa kwathu yemwe, timapemphera nawo tchalitchi chimodzi. Atelalawo ali ndi makina aakulu aja a m'mafakitale. Pa nyengo imene magetsi ankazima tsiku lonse n'kumabwera cha m'ma 10 koloko usiku, ntchito yawo inkayamba nthawi imene mng'ono wanga akuzimitsa kandulo.

Anapirira miyezi itatu. Ankagona maola awiri kapena atatu, mwana wake wa Giredi 7 ankasinza m'kalasi, koma kwa eni nyumba sanapiteko. Nditamufunsa, anati, "Achemwali, ndikakanena ndiye kuti ndawaneneza. Mawa tikakumana ku maliro ndiwayang'ana bwanji?" Mawu amenewa ndawamvapo kwa anthu ambiri a kwathu kuno ku Harare, ku Mufakose, ku Highfield, ku Dzivarasekwa, ndipo ndikuwamvetsa. Makolo athu anabwera kuno ngati alendo, anatiphunzitsa kuti mlendo sachulutsa zokamba ndiponso kuti Mmalawi mnzako sumupititsa kwa akulu. Koma pa nkhani ya phokoso la usiku ndi usiku, ine ndikuti mwambo umenewu timaugwiritsa ntchito molakwika. Kudandaula kwa eni nyumba si miseche. Ndi kupita kwa munthu yekhayo amene ali ndi mphamvu pa zipinda zonse ziwiri.

Eni nyumba ambiri amayankha kuti, "Kambiranani nokha, ndinu akuluakulu." Kuyamba kukambirana nokha n'kwabwino, ndipo mng'ono wanga anatero. Anagogoda masana, anapereka moni, anafotokoza. Atelala anapepesa ndi mtima wonse, anasiya kusoka usiku kwa mlungu umodzi, kenako oda ya mayunifolomu a sukulu itabwera anayambiranso. Sanachite mwano. Kungoti pakati pa maloja awiri, anthu ochita lendi pa yadi imodzi, palibe amene angalamule mnzake, ndiye chimene agwirizana chimakhala ngati chifundo chabe, ndipo chifundo chimatha ndalama ikasowa. Khoma lili pakati pawo si la mng'ono wanga, si la atelala. Amene analimanga, amene anasankha woti alowe m'chipindacho, amene analola kuti chipinda chogona chisanduke shopu, amene amalandira madola 60 uku ndi madola 60 uko mwezi ukatha, ndi eni nyumba. Munthu akamalipira chipinda chogona sakulipira njerwa ndi malata okha. Akulipira kuti azigonamo. Lamulo la dziko lino pa za kubwereketsa nyumba, limene linachokera ku malamulo a Chiroma ndi Chidatchi, limanenanso zomwezo: wobwereketsa ayenera kupereka malo oti wobwerekayo awagwiritse ntchito mosasokonezedwa pa chimene anawabwerekera.

Komabe ndaona madandaulo ambiri akufera panjira, ndipo nthawi zambiri chimawapha ndi kanenedwe kake. Munthu amapita kwa eni nyumba atatopa, maso ali gwa, n'kunena kuti, "Aneba aja akusokosa kwambiri, sitikugona." Eni nyumba, amene amagona kutsogolo ndipo sanamvepo kanthu, amafunsa anebawo, iwo n'kuyankha kuti, "Ine ndimangosoka pang'ono." Zathera pomwepo, mawu a uyu ndi mawu a uyo. "Kwambiri" ndi "pang'ono" sizingaweruzidwe. Chimene chingaweruzidwe ndi tsiku, ola, ndi mtundu wa phokosolo.

Ndiye tinatenga kope la mwana la sukulu. Kwa masiku 14 mng'ono wanga ankalemba tsiku, nthawi imene phokoso layamba, nthawi imene latha, ndi chimene lamuchita. Sankalembamo mawu okwiya. Mzere umodzi unkangoti: Lachiwiri, 10:20 usiku mpaka 2:45, makina, mwana wadzuka kawiri. Pa masiku 14 aja, makina analira usiku 11, ndipo usiku 8 anapitirira 1 koloko. Masiku atatu amene kunali zii anawalembanso, ndipo zimenezi n'zofunika, chifukwa kope limene likuonetsa phokoso lokhalokha eni nyumba amalikayikira. Anajambulanso mawu pa foni katatu, akuyamba ndi kutchula tsiku ndi nthawi, ataimirira pakati pa chipinda chake chitseko chili chotseka. Osakajambulira pakhomo pa mnzako. Umboni ndi wa zimene zikufika pamene iwe umagona.

Mwana wa achimwene anaika pa foni kapulogalamu koyezera phokoso, ndipo kankaonetsa madesibelo cha m'ma 50 makina akamasoka. Bungwe la zaumoyo padziko lonse limalangiza kuti m'chipinda chogona usiku phokoso losalekeza lisapitirire madesibelo 30. Kusiyana kwa 20 kumeneku kungaoneke kochepa, koma khutu limamva phokoso ngati lawirikiza kawiri pa madesibelo 10 alionse owonjezera, ndiye 50 amamveka ngati kanayi kuposa 30. Foni si chida cha akatswiri, ndipo imalephera makamaka pa phokoso lolemera la pansi, lija limamveka m'chifuwa kuposa m'khutu. Nambala yake ingothandiza kuyerekeza usiku wa phokoso ndi usiku wa bata. Mphamvu yeniyeni ili m'kope muja.

Pali chinthu china chimene maloja ambiri sachita, ndipo kwa ine ndi chimene chinapulumutsa nkhaniyi: kufufuza kuti phokosolo likudzera pati. Phokoso la m'chipinda chogundana limabwera njira ziwiri. Lina limadzera mumpweya, monga mawu a anthu, wayilesi, kulira kwa mwana, ndipo limalowa paliponse pamene pali mpata. Lina limayenda m'khoma ndi m'simenti ya pansi, monga kugunda kwa mtondo, sipika yolemera, kapena makina amene akunjenjemera. Mankhwala ake ndi osiyana, ndipo ukasokoneza umawononga ndalama pachabe.

Kuyesa kwake sikufuna chida. Makina ali mkati molira, mng'ono wanga anaika chikhatho pakhoma ndipo anamva likunthunthumira. Anaika kapu ya madzi pansi pafupi ndi khomalo, madzi n'kumachita timafunde. Apo tinadziwa kuti makina akugwedeza nyumba. Kenako anazimitsa nyali yake n'kuyang'ana kumwamba: kuwala kwa m'chipinda cha atelala kunkaoneka pakati pa khoma ndi denga. Zipinda zambiri za kuseri kuno zimamangidwa ndi khoma la njerwa imodzi, lopanda siling'i, ndipo khomalo limathera pansi pa malata a asibesito n'kusiya mipata m'mizere ya malatawo. Pamene kuwala kwadutsa, phokoso limadutsanso. Khoma likhoza kukhala lolimba bwanji, mpata wolowa dzanja umaliwonongera ntchito yonse.

Tinapezanso kuti chomusowetsa tulo kwambiri sichinali kusoka kwenikweniko ayi. Makina akale a m'mafakitale ali ndi mota ya kilatchi, imene ikangoyatsidwa imazungulira osaima, kaya telala akusoka, kaya akudula nsalu, kaya akusita. Kung'ung'uza kumeneko ndi kumene kunkapitirira maola anayi osapuma, ndipo tebulo la makinawo linali litagunda khoma lenileni limene kuseri kwake kuli mutu wa bedi la mng'ono wanga.

Atadziwa zonsezi anapita kwa agogo madzulo, anakhala pansi, anafotokoza pakamwa monga mwa ulemu wathu. Mawa lake anatumiza uthenga pa WhatsApp kwa agogowo ndi kwa mwana wawo wamkulu amene amatolera lendi. Unali wotere: "Agogo, monga ndinanenera dzulo, makina a m'chipinda chachiwiri akulira usiku. Pa masiku 14 apitawa alira usiku 11, kawirikawiri kuyambira 10 koloko mpaka kupitirira 1 koloko, ndipo ndalemba zonse m'kope. Ndinakambirana nawo mwezi watha koma sizinakhalitse. Sindikupempha kuti achoke. Ndikupempha zinthu zitatu: tebulo lichoke pakhoma lathu, mpata wa kudenga utsekedwe, ndipo pakhale ola loti makina azizimitsidwa. Chonde bwerani mudzamve nokha usiku umodzi. Ndingakondwe mutandiyankha lisanafike Lamlungu."

Ena amati kulembera munthu wamkulu pamene mwalankhulana kale ndi chipongwe, ngati ukumuopseza ndi khoti. Ine sindikuona choncho. Maloja ambiri kuno alibe pepala la mgwirizano, zonse ndi zapakamwa, ndipo zapakamwa aliyense amazikumbukira momukomera. Uthenga wolembedwa umateteza onse atatu. Agogo sangadzanamiziridwe kuti anauzidwa kalekale, atelala sangadzanamiziridwe zimene sanachite, ndipo mng'ono wanga ali ndi tsiku limene anadandaula. Chimene chimapangitsa uthenga kukhala wachipongwe ndi mawu ake. Uwu unalibe mawu oti "ndikakusumirani", unalibe kutchula khalidwe la munthu, ndipo unapempha zinthu zimene agogo angathe kuchita mlungu womwewo.

Yankho loyamba la agogo silinali lokoma. Anati, "Mwanawe, atelala aja salumphitsa mwezi. Ndiwauze kuti asagwire ntchito, ine ndidya chiyani? Nanga magetsi ndimazimitsa ndine?" Apa ndi pamene pali mtsutso weniweni, ndipo sindiupeputsa. Agogo amenewa alibe penshoni yooneka, zipinda zinayi zija ndiye munda wawo. Atelala sasoka usiku chifukwa chokonda. Aliyense amene anali mu Harare mu 2019, madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, akukumbukira magetsi akuzima mpaka maola 18 pa tsiku, owotcherera zitsulo, ometa ndi osoka onse n'kusandutsa usiku kukhala usana, ndipo vutoli lakhala likubwerera. M'makomboni athu nyumba ndi shopu ndi chinthu chimodzi, ndipo amene anganene kuti pasamagwiridwe ntchito m'nyumba zogona sakudziwa mmene anthu akudyera. Mng'ono wanga yemweyo amasunga makireti a tomato pakhonde.

Koma taonani chimene yankho la agogo likuchita. Likutenga mtengo wa kuzima kwa magetsi n'kuusenzetsa munthu mmodzi, amene sapindula kanthu ndi mayunifolomu aja. Atelala apeza ndalama, agogo alandira lendi, wolipira ndi mng'ono wanga, ndipo akulipira ndi tulo take ndi sukulu ya mwana wake. Iyenso ali pa ntchito, ndipo ntchito yake imafuna kuti 4 koloko akhale ali maso n'kumawerenga chenje molondola. Kunena kuti wina akufuna kudya n'zoona, koma odya ndi awiri. Eni nyumba akakhala chete sanakhale pakati ayi, asankha mbali ya amene ali ndi makina. Ndipo ngakhale powerengera ndalama zokha, chipinda chimene munthu sangagonemo chimakhala chosinthasintha maloja, aliyense miyezi iwiri n'kuthawa, ndipo mwezi umene chakhala chopanda munthu ndi madola 60 otayika.

Chimene chinatembenuza agogo si mfundo zangazi. Ndi usiku umene anavomera kubwera. Anakhala pa bedi la mng'ono wanga cha m'ma 11 koloko, anaika dzanja pakhoma, ndipo sanathe mphindi khumi. Loweruka lotsatira anaitana onse awiri pansi pa mtengo wa mapeyala. Tebulo la makina linasamukira ku khoma lakunja, kutali ndi malire, osagunda khoma lililonse. Pansi pa miyendo yake inayi anaikapo zidutswa za labala zodula ku tayala lakale, ziwiriziwiri kusanjikiza, kuti kunjenjemera kusalowe m'simenti. Mng'ono wanga nayenso anasuntha bedi n'kuika wodilopu yodzaza zovala kukhoma la malire. Mpata wa kudenga unatsekedwa ndi njerwa ndi matope a simenti, thumba limodzi silinathe, ndipo analipira ndi agogo chifukwa khoma ndi lawo. Mmisiri anauzidwa kuti asaboole kapena kudula malata a asibesito, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo. Mwana wa agogo ankafuna kungomata mathireyi a mazira ndi makatoni, koma zimenezo sizitchinga phokoso. Zimangochepetsa kulira kwa mawu m'chipinda momwemo. Chotchinga phokoso ndi chinthu cholemera ndiponso chopanda mpata.

Pa za nthawi anagwirizana kuti makina azizima 12 koloko usiku, ndipo ayambenso 4 koloko mng'ono wanga akadzuka, ngati magetsi akadalipo. Kudula, kusita ndi kusokerera mabatani, zimene sizisokosa, atelala azichita pakati pa maola amenewo. Si chigonjetso chonse. Mng'ono wanga amafuna 10 koloko ndipo sanaipeze, kung'ung'uza kwa mota kumamvekabe pang'ono, ndipo mu Januwale sukulu zikamatsegulira pamakhala usiku wina umene atelala amapempha kupitirira. Kusiyana kwake n'koti tsopano amapempha. Atelala akusunganso ndalama zogulira mota ya mtundu watsopano, ya sevo, imene imazungulira pokhapokha phazi likaponda ndipo imadya magetsi ochepa.

Pali zinthu ziwiri zimene anzake a ku msika ankamulangiza ndipo ndinamuletsa. Choyamba, kusiya kulipira lendi mpaka phokoso lithe. Zimamveka zachilungamo, koma ndi msampha. Malamulo a lendi a mu 2007 amateteza loja kuti asangotulutsidwa, koma chitetezocho chimadalira kuti iye akulipira pa nthawi yake ndi kusunga zimene anagwirizana. Ukangosiya kulipira, nkhani yasintha: sikukambidwanso za phokoso, kukukambidwa za ngongole yako. Ngati ukuona kuti lendi iyenera kutsika chifukwa chipinda sichikugoneka, pempha zimenezo molemba, mugwirizane, kapena pita ku bodi yoona za lendi, koma ndalama ya mwezi izipita ndipo umboni wa kulipira uzisungidwa. Chachiwiri, kukakamiza eni nyumba kuti ataye katundu wa wosokosayo panja. Gawo 74 la malamulo aakulu a dziko a mu 2013 limaletsa kutulutsa munthu m'nyumba yake popanda chilolezo cha khoti, ndipo limateteza atelala monga limatetezera mng'ono wanga. Malamulo a lendi aja amalola kuti loja amene akusautsa kwambiri oyandikana nawo atulutsidwe, koma kudzera ku khoti, ndipo kumeneko chimene chidzafunidwe ndi kope lija, mauthenga aja, ndi umboni woti anachenjezedwa.

Njira imeneyi ili ndi malire ake. Ngati wosokosayo ndi mwana wa eni nyumba, khoswe wakhala pamkhate, ndipo nthawi zambiri pamafunika munthu wachitatu amene eni nyumbawo amamulemekeza, mkulu wa mpingo, shehe, kapena wapampando wa sosaite ya maliro. Ngati phokoso likuchokera ku yadi ina, kapena m'mafulati a ku Avenues kumene fulati iliyonse ili ndi mwini wake, landilodi wanu alibe ulamuliro pa munthuyo. Angathe kukonza khoma ndi mawindo ake, n'kukalankhula ndi oyang'anira nyumbayo, koma zotsalazo ndi za khonsolo ya mzinda, imene ili ndi malamulo ake a phokoso, kapena apolisi, chifukwa gawo 46 la lamulo la milandu limaika kusautsa anthu m'gulu la milandu. Ndipo ngati chimene mukumva kuseri kwa khoma ndi munthu akumenyedwa, imeneyo si nkhani ya kope la masiku 14. Ndi ya apolisi usiku womwewo.

Koma pamene zipinda zonse ziwiri zili za munthu mmodzi, monga zilili m'mayadi ambiri a ku Mabvuku ndi Tafara, eni nyumba alibe pobisala, ndipo ndikufuna anthu a kwathu amene ali ndi nyumba kuno amve zimenezi. Musanalowetse munthu, mufunseni ntchito imene adzagwirire m'chipindamo ndi nthawi yake. Wa makina mumpatse chipinda cha kumapeto, osati cha pakati. Agogo aja anaphunzirapo: chipinda chachinayi chitatsala chopanda munthu, kunabwera mnyamata wokonza masipika, ndipo asanalandire dipoziti anamuyendetsa yadi yonse, anamuonetsa khoma, namuuza ola limene pakhomopo pamakhala zii. Mng'ono wanga kope lija analisunga mu wodilopu. Masamba otsalawo mwana akuwerengeramo masamu.